Invoisi ikakwera, kalata ikhale ya manambala osati yaukali

Amalonda anzathu ndi inu achimwene a mathiraki, ife timagula mabulangete ku Joni n'kudzagulitsa ku Limbe. Katundu akapakiridwa, timayala mapepala atatu pamodzi: kotesheni imene anatipatsa tisanagule, dilivale noti imene adalaivala anasaina, ndi invoisi. Kotesheni imanena mtengo umene tinagwirizana, dilivale noti imanena zimene zakwera m'galimoto, ndipo invoisi iyenera kukhala ziwirizi kuzichulukitsa basi.

Ulendo wina kotesheni inati mabulangete 200, lililonse R230, ndipo pambali panalembedwa kuti "incl. VAT". Ndiye kuti msonkho wa ku South Africa, umene ndi 15 peresenti, unali kale m'kati: R200 ya bulangete, R30 ya msonkho. Zonse zinali R46,000, ndipo tinalipiriratu theka. Invoisi itabwera inati R52,900. Mabulangete anali okwanira, mtengo wa limodzi unali womwewo, koma pansi anawonjezera 15 peresenti ina, R6,900. Kusiyana kukangokhala 15 peresenti ndendende, timadziwa kuti kalaliki walowetsa mtengo wokhala ndi msonkho kale pamalo a mtengo wopanda msonkho, makina n'kuwonjezeranso. Koma tisanalembe timayang'ananso kotesheni. Ikanakhala kuti inalembedwa "excl. VAT", kapena masiku ake anali atatha, palibe chimene tikanadandaula.

Kalata tinailemba m'Chingerezi, koma mawu ake anali awa:

"Bwana, zikomo chifukwa chotipakirira katundu pa nthawi yake. Mabulangete onse 200 akwera monga mmene dilivale noti ikunenera. Powerengeranso invoisi nambala 418, taona kuti yasiyana ndi kotesheni nambala 392. Kotesheni ikuti R230 lililonse, msonkho uli m'kati, zonse R46,000. Invoisi ikuti R52,900. Kusiyana kwake ndi R6,900, ndipo zikuoneka ngati VAT yawerengedwa kawiri. Mwina pali china chimene ife sitikuchiona, chonde mutiunikire. Ngati mwapeza zofanana ndi zathu, tikupempha kirediti noti ya R6,900 ndi invoisi yokonzedwa pofika Lachitatu, galimoto isanafike pa Mwanza. R23,000 yotsala pa kotesheni tikutumiza lero. Zithunzi za mapepala atatuwo taziphatika. Ndife makasitomala anu."

M'kalatamo mulibe mawu akuti mwatibera. Munthu amene amaiwerenga koyamba nthawi zambiri ndi kalaliki yemwe uja analemba invoisiyo. Mukamutcha wakuba, amayamba kudziteteza ndipo kalata imagona m'dilowa. Mukamupatsa manambala a mapepala ndi masamu otha kale, amakonza popanda kuchita manyazi pamaso pa abwana ake. Mawu akuti "mutiunikire" si mantha ayi, chifukwa nthawi zina pamakhaladi ndalama yopakira kapena ya mapaleti imene sinatchulidwe bwino.

Ndalama imene sitikukangana timalipira tsiku lomwelo, kuti asaganize kuti tikufuna pothawira ngongole. Koma sitingodula tokha R6,900 n'kukhala chete. M'mabuku mwawo imakhalabe ngati ngongole yathu, ndipo tsiku lina tikadzafuna katundu mwachangu adzatiuza kuti tiyambe talipira zakale. Kirediti noti ndi imene imafufuta ndalamayo m'mabuku. Lonjezo la pa foni lakuti "tidzakuchotserani ulendo wamawa" silifufuta kanthu, makamaka wolonjezayo akasiya ntchito.

Tsiku timalitchula chifukwa cha pa boda. Galimoto ikachoka ku Joni imadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, kenako Zobwe ndi Mwanza. Masiku amenewo ndiwo mpata wathu. Powerengera msonkho, a kasitomu amayambira pa invoisi imene ejenti wapereka. Ikalowa yokwera, timalipira msonkho pa ndalama imene si mtengo wa katundu, ndipo kukonza mapepala atalowa kale ndi ntchito ina yodya masiku. Tikalandira zokonzedwa, timatumizira ejenti zonse: invoisi yoyamba, kirediti noti ndi yokonzedwayo. Kungosintha pepala mwakachetechete kumaoneka ngati tikuchepetsa mtengo kuti tizembe msonkho.

Apa ndi pamene inu achimwene a mathiraki mumatithandiza. Werengani mabelo musanasaine, ndipo ngati palipo lopereweza lembani pa dilivale noti pomwepo, wopakirayo asainenso. Mukatero tijambulireni mapepala onse musanatuluke pa geti. Chithunzi chobwera muli kale ku Tete chimatipeza mpata watha.

Pa ulendo wa mabulangetewo anatiyankha mawa lake, ndipo mapepala okonzedwa anafika galimoto ili pa mzere ku Beitbridge. Akanakhala chete, tikanatumizanso kalata yomweyo kwa amene amayang'anira zowerengera ndalama, mawu ake osasintha, n'kungowonjezera tsiku limene tinatumiza yoyamba.