Malikisi 34 a Mwana wa Bambo Wogulitsa Chinanazi

Tsiku lotsekera temu yoyamba, mu Disembala, ine sindichoka msanga pasukulu. Ana akalandira malipoti amathamangira kwawo, koma ndimadziwa kuti pakatha ola limodzi kapena awiri ena mwa malipotiwo abwereranso ali m'manja mwa makolo. Ndimaphunzitsa Sitandade 5 pasukulu ina ya pulaimale kuno ku Mulanje, kumbali yopita ku Muloza, ndipo kalasi imeneyi ndi imene imabweretsa makolo okwiya kuposa ina iliyonse.

Chaka china anabwera bambo wina akukankha njinga, dengu la chinanazi likadali pakaliyala, mwana wake wamkazi akutsatira pambuyo atazolika. Moni sanapereke. Anayamba kuyankhula ali patali, ana osesa pabwalo akumva.

"Aphunzitsi, mwana uyu Sitandade 4 anali nambala 3. Masamu anapeza 78. Lero 34? Tikudziwa, mumalepheretsa ana amene sakulipirani patitaimu."

Mawu a patitaimuwo amabaya, chifukwa ine sindichititsa patitaimu, komanso chifukwa ndikudziwa kuti bamboyo sanawatole m'tchire. Alipo aphunzitsi amene amasunga phunziro lenileni kuti akaliphunzitse masana kwa olipira, ndipo makolo amazidziwa. Ndili wamng'ono pantchitoyi ndikanayambira pamenepo, kudziyeretsa. Ndinaona kuti sizithandiza, chifukwa ndinene kuti sinditero, iwo anena kuti ndimatero, ndipo palibe chimene tingaloze tonse awiri n'kugwirizana. Choncho mawuwo ndinawasiya kaye. Ndinati, "Bambo, mwachita bwino kubwera. Tsamiritsani njingayo pamtengopo, tilowe tikaone pepala lake."

Pabwalo sindiyankhirapo munthu. Bambo amene wakalipa anthu akumva sangabwerere m'mbuyo anthu omwewo akuona. Tinalowa m'kalasi, ndinawapatsa mpando wanga, ine n'kukhala pa desiki. Ndinatuma mwana wina kuti akauze ahedi kuti ndili ndi mlendo. Sikuti ndinkafuna kuti adzandithandize kukangana, koma nkhani zotere zimatha kufika ku komiti ya sukulu, ndipo si bwino ahedi azimvere kwa ena.

Ndinatulutsa zinthu zitatu: pepala la mayeso la mwanayo, pepala langa la mayankho limene ndimachongera, ndi rejisitala. Mapepala a temu sindiwabweza kwa ana mpaka sabata yoyamba ya temu yotsatira, ndipo chifukwa chake ndi tsiku ngati limeneli.

Choyamba chimene ndimachita ndi kuwerengeranso malikisi kholo likuona. M'kalasi muja munali ana 94. Chiyambire 1994, pamene boma linachotsa fizi ku pulaimale, makalasi otere ndiwo tinawazolowera, ndipo munthu amene wachonga mapepala 94 a phunziro lililonse m'sabata imodzi, ena usiku ndi tochi ya pafoni, asaname kuti salakwitsa. Mayeso anga anali ndi magawo awiri. Gawo loyamba linali ndi masamu 20 a manambala okhaokha, kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa, samu iliyonse malikisi 2, onse pamodzi 40. Gawo lachiwiri linali ndi masamu 12 a nkhani, iliyonse malikisi 5, onse pamodzi 60. Ndinapempha bamboyo kuti awerenge okha zochonga zofiira za gawo loyamba. Anawerenga ndi chala napeza 15. Ine pamwamba ndinali nditalemba 28, kusonyeza kuti ndinawerenga 14.

Ndinati, "Apa ndalakwitsa ndi ine. Akuyenera kukhala 30, osati 28. Malikisi ake ndi 36." Ndinakonza papepala, mu buku langa la malikisi ndi pa lipoti, n'kusayina pambali.

Aphunzitsi anzanga ena amati ukavomera chotere wampatsa kholo ndodo yokumenyera. Zoonadi bamboyo anati, "Mwaonatu!" Koma kuyambira pamenepo anasiya kundiyang'ana kumaso n'kuyamba kuyang'ana pepala, ndipo ndi zimene ndinkafuna. Anali ataona kuti nambala ija imachokera pa zinthu zowerengeka, zimene iwonso angathe kuwerenga.

Kenako ndinayamba ndi zimene mwanayo anakhoza. Sindichita izi pofuna kutsekemeretsa nkhani. Ndinaphunzira movutikira kuti choonadi ukachiyala molakwika, mkwiyo sutha, umangosamuka kuchoka pa mphunzitsi n'kukatera pa mwana. Kale ndinaonetsa mayi wina zolakwa za mwana wake chimodzichimodzi mpaka anakhutira kuti ine ndilibe mlandu. Ndinapambana. Mwanayo anamenyedwa asanatuluke n'komwe pabwalo la sukulu, ndipo temu yotsatira anakhala kumbuyo kwenikweni osakwezanso mkono. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona: kholo likasiya pepala n'kutembenukira kwa mwana, nsagwada zitalimba, dziwani kuti mwapitirira. Choncho ndinati, "Pa masamu a manambala wakhoza 15 pa 20. Kuchulukitsa akudziwa, kugawa akudziwa. Mwana amene anapeza 78 chaka chatha ndi yemweyu, sanasinthe. Malikisi atayika apa." Ndinaloza gawo lachiwiri, pamene anapeza 6 pa 60.

Bamboyo anayang'ana gawolo n'kukhala chete, ndipo ndinazindikira kuti Chingerezi sawerenga. Sindinawafunse. Ndinangotenga funso lachitatu n'kulinena m'Chichewa: mlimi ali ndi zinanazi 240, wazigawa mofanana kwa ogulitsa 8, aliyense walandira zingati? Asanaganize n'komwe bamboyo anati 30. Ndi ntchito yawo imeneyo. Ndinafunsa mwanayo funso lina lofanana nalo, zinanazi 180 kwa anthu 6. Analemba pansi pang'ono n'kuyankha kuti 30. Ndiye ndinawaonetsa zimene analemba tsiku la mayeso: 240 kuphatikiza 8, yankho 248.

Mafunso asanu ndi awiri mwa khumi ndi awiriwo anachita chimodzimodzi. Ankatola manambala awiri amene waona m'funsomo n'kuwaphatikiza. Mwana wosadziwa masamu salakwa chonchi, amasankha njira yoyenera n'kusokoneza pakati. Wolakwa chonchi ndi amene sanamve chimene funso likufunsa. Ndinawafotokozera kuti kuyambira Sitandade 1 mpaka 4 ana amaphunzira masamu m'Chichewa, koma akalowa Sitandade 5 buku, bolodi ndi mayeso zonse zimakhala m'Chingerezi, kupatula phunziro la Chichewa lokha. Mwana amagona ali katswiri mu Julaye, n'kudzuka mu Seputembala ali mlendo m'kalasi. Kwa ana ena kuno, amene kunyumba agogo amawayankhula Chilomwe, chimenechi ndi chiyankhulo chachitatu kulowa m'khutu.

Anafunsa kuti anzake apeza bwanji. Funso limeneli ndimayankha ndi manambala opanda mayina. Wapamwamba anapeza 71, oposa 50 anali 19 okha mwa 94, ndipo ambiri anali pakati pa 25 ndi 45. Anafuna kuona pepala la mwana wa mnansi wawo, amene ankamuganizira kuti amakonderedwa. Ndinakana. Ndinati pepala limenelo ndi la eni ake, monganso pepala la mwana wawo sindingalionetse kwa mnansiyo. Manambala aja, kunena zoona, amandiweruza inenso. Kalasi imene ana 75 sanafike theka ili ndi vuto loposa ana, ndipo ndinawauza bamboyo kuti gawo la masamu a nkhani ndinalithamangira pofuna kumaliza silabasi.

Rejisitala ndinaitsegula pomaliza, ndipo ndimaisamala kwambiri chifukwa ndi imene imaloza kunyumba. Mwanayo anajomba masiku 9, ambiri mwa iwo tsiku limodzimodzi la sabata. Ndinawerenga madeti okha. Sindinanene kuti ndi tsiku la msika, ngakhale tonse awiri tinkadziwa. Bamboyo anakanda kumutu n'kunena kuti mayi ake akakhala ku esiteti kothyola tiyi, pamafunika wina woyang'anira katundu. Ndinangoti, "Ndamva, bambo." Mpunga wa pakhomo pawo sindigula ndine, ndipo chimene rejisitala ingathe kunena inali itanena.

Apa ndi pamene anapempha chimene ambiri amapempha mtima ukatsika. "Poti wayankha bwino pamaso panu, muonjezereni malikisiwo." Ndinati ayi, ndipo ndinapereka chifukwa chimodzi chokha. Malikisi 2 aja ndinabweza chifukwa anali ake, analembedwa papepala tsiku la mayeso. Awa sanalembedwe. Ndikalemba 60 pa lipoti, bamboyo apita kwawo wokondwa, mphunzitsi wa Sitandade 6 aganiza kuti mwanayo alibe vuto, ndipo chilondacho chidzaonekera mu Sitandade 8, pa mayeso a MANEB, pamene mafunso amabwera m'Chingerezi ndipo wochonga sadziwa mwana kapena bambo ake. Sanakondwe nalo yankholi. Anati aphunzitsi ndife ouma mtima. Sindinabwezepo mawu, chifukwa limenelo silinali funso.

Nkhani ya patitaimu ndinaiyankha pothera, m'mawu ochepa: sindichititsa, ndipo ngati ali ndi chikaiko, ahedi ali muofesi ndipo wapampando wa komiti ya makolo ndi aphunzitsi amamudziwa. Sanapiteko.

Poti mayi a mwanayo sanabwere, ndipo nkhani ikadutsa pakamwa pa munthu wokwiya imafika kunyumba itasintha, ndinalemba kakalata kumapeto kwa kope lake:

"Mayi, mwana wanu wapeza 36 pa 100 pa masamu. Poyamba ndinalemba 34 molakwitsa, ndakonza. Masamu a manambala wapeza 30 pa 40, a nkhani 6 pa 60. Vuto ndi kumva funso la Chingerezi, osati masamu. Temu ino wajomba masiku 9. Temu ikubwerayi, Lachiwiri ndi Lachinayi, tizitsala mphindi 20 tikaweruka kuwerenga mafunso otere, kwaulere. Ndidzakulemberaninso sabata yachisanu."

M'kalata yotere sindilembamo mawu ngati ulesi, chibwana kapena kusasamala, chifukwa sindingawaloze papepala, ndipo kope limasungidwa nthawi yaitali kuposa mkwiyo. Sindilonjezanso kuti mwana adzakhoza. Ndimalonjeza tsiku ndi mphindi, zimene zili m'manja mwanga.

Mu Januwale tinayamba ndi ana 23. Tinalemba pa tchati mawu khumi ndi awiri a Chingerezi amene amabwerabwera m'mafunso, monga otanthauza kugawa mofanana, zonse pamodzi, zotsala ndi kusiyana, ndipo lamulo linali lakuti mwana anene kaye funsolo m'Chichewa asanagwire pensulo. Mvula itakula ena anasiya kutsalira, poopa mitsinje yochokera m'phiri imene imadzaza masana. Mtsikana uja anatsalira kasanu ndi kawiri. Kumapeto kwa temu yachiwiri anapeza 49, ndipo 21 mwa amenewo anachokera ku masamu a nkhani. Bambo ake anabweranso tsiku lotsekera, ulendo uno anayamba ndi moni. Anati 49 akadali ochepa, ndipo anapempha pepala kuti awerenge okha zochonga. Anapeza 49.