Nambala yaikulu ya pa detashiti sidziwa kutentha kwa Salima

Lero ndilemba za kanyali komwe tinapanga ndi ana a kalabu yathu ya sayansi, koti azigwiritsa ntchito powerenga usiku magetsi akathima. Pasukulu pali batire ya sola ya 12 V. Tinafuna timababu ta LED toyera khumi, toyaka tokha kukada, molamulidwa ndi kabolodi ka Arduino. Zipangizo zotere timakagula ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100, ndiye kachipangizo kamodzi kakapsa ntchito yonse imaima mpaka wina apezeke wopita ku tauni. N'chifukwa chake lamulo langa n'loti tisanagule kanthu, tiyambe tawerenga detashiti yake, pepala lomwe kampani yopanga chipangizocho imalembapo malire ake onse.

Tinayamba ndi rezisita. Detashiti ya rezisita yokha sikuuzani kukula koyenera. Yankho lili pa pepala la kababu. Pamenepo panalembedwa kuti kababu koyera kamadya pafupifupi 3.2 V pamene mukudutsa 20 mA. Sekiti yathu ndi ya 5 V, ndipo tiranzisita yoyatsira imatengako pafupifupi 0.2 V. Zotsalazo ndi zimene rezisita iyenera kunyamula:

```
R = (5 - 3.2 - 0.2) / 0.02 = 80 Ω
P = 0.02 x 0.02 x 82 = 0.033 W
```

Rezisita ya ma omu 80 sipezeka wamba m'sitolo. Yoyandikira ndi ya 82, ya mizere yotuwa, yofiira ndi yakuda. Kutentha kwake ndi kochepa kwambiri poyerekeza ndi kota ya wati yomwe timarezisita tating'ono timapirira, choncho apa panalibe nkhawa. Mwana wina anafunsa kuti, "Aphunzitsi, bwanji osangoika rezisita imodzi ya timababu tonse?" Ndinamuonetsa mzere womwewo: 3.2 V ndi nambala yapakati chabe, kababu kena kamadya 3.0, kena 3.4. Mukatimanga pamodzi, kodya pang'onoko kamalanda magetsi a anzake, kamawala kwambiri, kenaka n'kupsa. Kababu kalikonse kakhale ndi rezisita yake.

Tiranzisita yomwe ana amaidziwa bwino ndi BC547, chifukwa imapezeka m'mawailesi akale omwe timaphwasula. Tinatsegula detashiti yake pa tebulo la mutu woti "Absolute Maximum Ratings". Tebulo limeneli silikuuzani pogwirira ntchito ayi, likuuzani pamene chinthu chimafera. BC547 malire ake ndi 100 mA, pomwe timababu tathu khumi tikufuna 200 mA. Tinaisiya n'kutenga BC337, yooneka chimodzimodzi koma yonyamula 500 mA kapena kuposa, malinga ndi kampani yoipanga.

Pa tiranzisita pali msampha wina. Nambala yolembedwa hFE, yomwe pa BC337 imayambira pa 100, imanyenga ana kuti 2 mA yokha pa besi ndi yokwanira kuyendetsa 200 mA. Koma ife tikufuna tiranzisita itseguke kotheratu ngati switchi. Mukayang'ana mzere wa VCE(sat), mupeza kuti a kampani anayesa ndi 500 mA pa kolekita ndi 50 mA pa besi, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo khumi. Ifenso tinatsata zomwezo, 20 mA pa besi. Kuchotsa 0.8 V ya besi pa 5 V, n'kugawa ndi 0.02, tinapeza 210, ndiye tinaika ya 220. Imeneyi imadutsitsa pafupifupi 19 mA, zomwe mwendo wa Arduino umakwanitsa. Besi ikaperewera mudzadziwa: timababu timazirala, tiranzisita imatentha, ndipo mita ikaikidwa pakati pa kolekita ndi emita imaonetsa voti yathunthu kapena kuposa m'malo mwa 0.2 V.

Nkhani yaikulu inali pa regiyuleta, LM7805, yotsitsa magetsi a batire kufika pa 5 V. Patsamba loyamba palembedwa mooneka bwino kuti imapereka mpaka 1 A. Sekiti yathu yonse, kuphatikizapo besi ndi Arduino, imafuna pafupifupi 250 mA. Ana anaomba m'manja kuti basi, yakwana kanayi. Apa ndi pamene ndinawauza kuti atembenuze tsamba.

Regiyuleta ya mtundu umenewu imatsitsa mavoti powasandutsa kutentha. Batire yodzaza usiku imakhala pa 12.6 V. Pa tebulo la za kutentha pali mzere wa RθJA, womwe pa pepala lathu unali 65 °C/W. Tanthauzo lake n'loti wati iliyonse imakweza kutentha kwa mkati mwake ndi madigiri 65 pamwamba pa kutentha kwa chipinda, ngati kachipangizoko kali pakokha mumpweya.

```
P = (12.6 - 5) x 0.25 = 1.9 W
T = 30 + 1.9 x 65 = 154 °C
```

Nambala ya 30 ija simuipeza pa detashiti iliyonse. Ndi yathu ya kuno kunyanja. Matebulo ambiri amayesedwa pa madigiri 25, koma aliyense amene anagonapo ku Senga Bay kapena ku Chipoka mwezi wa Okutobala akudziwa kuti chipinda cha malata chimasunga kutentha mpaka usiku. Pepalalo likuti regiyuletayi igwire ntchito osapitirira madigiri 125. Ife tafika pa 154, pamene tikukoka kota chabe ya 1 A yolonjezedwa ija.

Chochititsa chidwi n'choti LM7805 nthawi zambiri siiphulika. Ili ndi chodzitetezera mkati chomwe chimadula magetsi ikatentha mopitirira. Ndiye nyali imayaka bwinobwino kwa kanthawi, kenaka n'kuyamba kuphethira kapena kuthima, ikazizira n'kuyakanso. Munthu amayamba kuganizira waya womasuka kapena batire yotha, pomwe vuto ndi kutentha. Kadontho ka madzi pa kachitsulo kake kakauma nthawi yomweyo, yankho mwalipeza. Osayesa ndi chala.

Mankhwala ake alinso pa tebulo lomwelo. Mzere wa RθJC ukuti kuchokera mkati kufika pa kachitsulo kakumbuyo ndi 5 °C/W yokha. Tinaimangirira pa chitsulo cha aluminiyamu chokhala ndi timapiko, chomwe tinachotsa mu kompyuta yakufa. Tikachiwerengera modzichepetsa kuti ndi cha 20 °C/W, n'kuonjeza imodzi ya polumikizira, zonse ndi 26. Kuchulukitsa ndi 1.9 n'kuphatikiza 30, tikupeza madigiri 79 basi. Tinaikanso makapasita awiri omwe chithunzi cha pa detashiti chimaonetsa, 0.33 µF kolowera ndi 0.1 µF kotulukira, pafupi kwambiri ndi miyendo yake.

Chitsulocho chimapulumutsa regiyuleta, koma sichipulumutsa batire. Mwa mawati khumi aliwonse ochokera m'batire, anayi okha ndi amene amafika ku sekiti; asanu ndi limodzi amangotenthetsa chipinda chomwe ndi chotentha kale. Kabolodi ka LM2596 kamataya zochepa kwambiri, ndipo nyali yachiwiri tidzapangira kameneko. Koma pa sekiti yoyamba ndimakonda LM7805, chifukwa masamu ake mwana wa Fomu 4 amawatsata yekha ndi pensulo, n'kuona kuti 1 A ya patsamba loyamba inali ndi mawu ena ang'onoang'ono kumbuyo kwake.

Aphunzitsi anzanga a ku Dedza, kumene kumazizira, werengerani ndi kutentha kwa kwanuko. Mudzapeza kuti pa sekiti imeneyi nanunso chitsulo chija simungachithawe.