Mauthenga Osafika Loweruka

Pa ukwati wawo ndinavina nawo, ndinaponyanso K2,000 pa perekaniperekani. Ndiye achimwene aja atayamba kumandinyamula pa siteji ku Chilomoni popita m'tauni, sindinaganize zambiri. Ndinali nditangomaliza ku Chanco, ntchito kulibe, ndipo iwo anati makalata anga akawasiya pena pake.

Chinandidzidzimutsa si mawu okoma ayi, koma nthawi. Mauthenga awo pa WhatsApp ankayamba cha m'ma 7 m'mawa, akangotuluka pa geti, n'kuduka 6 koloko madzulo. Loweruka ndi Lamulungu, zii. Munthu wongokufunira ntchito amalekeranji kukudziwa akafika pakhomo pake?

Kenako mayina anasintha. "Achemwali" anasanduka "iwe". Akazi awo, omwe kale ankati "alamu anu", anasanduka "uja wakunyumba", ndipo ankangotchulidwa akalakwa basi: samvetsa, amalongolola. Tsiku lina tili pa mzere wa magalimoto pa Clock Tower, foni yanga inadinika yokha m'chikwama. Yawo inawala pambali pa giya: "Pulambala 2".

Anaseka. Nane ndinaseka, ndipo apa ndi pomwe pamandichititsa manyazi. Ndinali nditayamba kale kudikira 7 koloko ija.

Lolemba lake ndinakwera minibasi, makalata anga n'kutsala m'galimoto mwawo. Lamulungu, potuluka m'tchalitchi, alamu aja anandigwira dzanja.

"Zantchito zija zikuyenda? Ndine ndinawauza bambo akunyumba kuti akuthandizeni."