Kutentha kokhazikika m'chitsulo cha mbali zinayi

Chitsulo chophwatalala, chopyapyala, cha ngodya zinayi chikakutidwa pamwamba ndi pansi, kutentha kumalowa ndi kutuluka m'mphepete mokha. Mbali iliyonse ikasungidwa pa madigiri osasintha, pamafika nthawi yomwe malo aliwonse a chitsulocho amasiya kuwonjezera kapena kutaya kutentha. Ntchito ya mainjiniya ndi akatswiri a masamu ndiyo kupeza kutentha kumeneku, u(x, y), pa chitsulo chomwe mulitali mwake ndi a ndipo mulifupi ndi b. Lamulo lake ndi ikweshoni ya Laplace:

u_xx + u_yy = 0

Njira yodziwika ndiyo kulekanitsa x ndi y, poyerekeza kuti u = X(x)Y(y). Kulowetsa zimenezi mu ikweshoni kumapereka X''/X = −Y''/Y. Kumanzere kumadalira x yekha, kumanja kumadalira y yekha, choncho konseku kuyenera kulingana ndi nambala imodzi yosasintha. Koma njirayi imayenda pokhapokha mbali ziwiri zoyang'anizana zili pa ziro. Mbali zonse zinayi zikakhala ndi kutentha kwakekwake, samuyo imagawidwa panayi. M'gawo lililonse mbali imodzi imasunga kutentha kwake, zitatu zinazo n'kuikidwa pa ziro, ndipo pomaliza mayankho anayiwo amaphatikizidwa. Izi n'zololedwa chifukwa mayankho a ikweshoni ya Laplace akaphatikizidwa amakhalabe yankho.

M'gawo lomwe mbali yakumtunda, y = b, ili ndi kutentha f(x), X ayenera kukhala ziro pa x = 0 ndi pa x = a. Chokwaniritsa zimenezi ndi sin(nπx/a), pomwe n ndi 1, 2, 3 mpaka mtsogolo. Y ayenera kukhala ziro pa y = 0, ndiye amakhala sinh(nπy/a). Yankho lonse ndi kuphatikiza kwa zidutswa zimenezi:

u = Σ A_n sin(nπx/a) sinh(nπy/a)

Manambala A_n amachokera ku mbali yotenthayo, mwa njira yomwe Joseph Fourier anafotokoza m'buku lake la 1822 lonena za kutentha:

A_n sinh(nπb/a) = (2/a) ∫ f(x) sin(nπx/a) dx, kuyambira 0 kufika a

Chitsanzo chabwino ndi chitsulo cha mita imodzi mbali zonse, chomwe kumtunda kuli madigiri 100 ndipo kwinako ziro. Apa A_n sinh(nπ) = 400/(nπ) pamene n ndi 1, 3, 5 ndi ena osagawika pawiri; otsalawo ndi ziro. Pakatikati pa chitsulocho chidutswa choyamba chimapereka 25.37, cha n = 3 chimachotsapo 0.38, cha n = 5 chimawonjezera 0.01. Zonse pamodzi ndi madigiri 25.00. Zidutswa zimachepa msanga chonchi chifukwa sinh(nπ) wogawira amakula mofulumira kuposa sinh(nπ/2).

Yankholi lingatsimikizidwe popanda kuwerengera kwina. Mbali zonse zikanakhala pa 100, chitsulo chonse chikanakhala pa 100. Popeza mbali zinayizo n'zofanana, iliyonse imapereka gawo limodzi mwa magawo anayi pakatikati, ndiye 25. Motero mbali zikakhala pa 100, 60, 20 ndi 20, pakati pamakhala 25 + 15 + 5 + 5, omwe ndi madigiri 50. Chidule chimenechi chimagwira pa chitsulo cha mbali zolingana chokha. Pa chitsulo chachitali, mbali zazitali ndizo zimayandikira pakati, ndipo ndizo zimalamulira kutentha kwa pamenepo.

Zolakwika zambiri zimachitika posamukira ku mbali zina. Mbali yotentha ikakhala yakumunsi, pamafunika sinh(nπ(b − y)/a), kuti ziro agwere kumtunda. Ikakhala yakumanzere kapena yakumanja, x ndi y amasinthana ntchito: sin amatenga nπy/b ndipo b ndiye amagawa mkati mwa sinh. Woiwala kuika b mkati mwa sinh amapeza yankho lokwaniritsa mbali zonse koma losakwaniritsa ikweshoni. Chizindikiro china cha cholakwika ndi malo a mkati otentha kuposa mbali yotenthetsa kapena ozizira kuposa mbali yoziziritsa, pakuti popanda gwero la kutentha mkatimo zimenezo sizingatheke.

Njirayi ili ndi pofooka pake. Pangodya pomwe 100 akumana ndi ziro, kutentha kumadumpha, ndipo pafupi ndi mbali yotenthayo pamafunika zidutswa zambiri. Pa mbali yeniyeniyo, kuphatikiza kodulidwa panjira kumapitirira pang'ono madigiri oyenera pafupi ndi ngodya, ngakhale zidutswa zichuluke bwanji. Pakompyuta, sinh(nπ) amakula kuposa nambala yomwe makina angasunge n akangodutsa 226, choncho sinh(nπy)/sinh(nπ) amalembedwanso ndi exp ya manambala ochepera ziro. Mbali yakumanzere ndi yakumanja zikakutidwa kuti kutentha kusadutse, u_x ndiye amakhala ziro pamenepo, cos amalowa m'malo mwa sin, ndipo chidutswa cha n = 0 chimawerengedwanso.