Kumene ndinasowera miyezi itatu, ndi kabuku kamene kananditengera kumeneko

Ambiri mwakhala mukufunsa kuti anesi munasowera kuti. Ena atamva kuti ndili ku Joni anangoti basi, nayenso wathawa, wakasaka ndalama. Ku South Africa ndinapitadi, koma sindinathawe, ndipo ndabwerako. Chimene chinanditengera kumeneko ndi ana anu akhanda amene amafika kuchipatala atazizira, choncho nkhaniyi ndi yanunso.

Inu a ku Dowa ndi ku Ntchisi simufunika kuuzidwa za kuzizira kwa June ndi July. M'mawa nkhungu imakuta mapiri, mwera ukuwomba, munthu wamkulu manja kuchita kuuma. Ndiye taganizani mwana wobadwa masiku asanakwane, wolemera makilogalamu osakwana awiri, akuchoka ku chipatala chaching'ono kapena kumudzi m'bandakucha, pa njinga yamoto, kutsika ndi kukwera zitunda kuti akafike kwa ife.

Mmodzi wa ana otere sindimuiwala. Anabadwira panjira, mayi ake asanafike. Agogo ake anamukulunga m'zitenje zitatu ndi bulangeti pamwamba, ndipo anafika naye akunyadira kuti amufunditsa bwino. Pa sikelo anali makilogalamu 1.6. Nditamuyeza kukhwapa, thupi lake linali pa madigiri 34.8, pomwe mwana wakhanda amayenera kukhala pakati pa 36.5 ndi 37.5. Chitenje cham'kati chinali chonyowa ndi madzi obadwa nawo, ndipo chinamuziziritsa ulendo wonse. Agogo aja sanalakwe dala. Anaganiza ngati mmene tonse timaganizira, kuti nsalu ndiyo imapereka kutentha. Koma nsalu imangosunga kutentha kumene thupi lapanga, ndipo mwana wamng'ono chonchi alibe mafuta okwanira m'thupi oti adzitenthetse yekha. Tinamupukuta, tinamuika pachifuwa cha mayi ake khungu kwa khungu, ndipo patapita maola angapo anayamba kufunda. Anakhala moyo. Ena amene anafika chimodzimodzi sanakhale.

Kuyambira tsiku limenelo ndinagula kabuku ka ana asukulu. Mwana aliyense wotumizidwa kwa ife, ndinkalemba kulemera kwake, kutentha kwa thupi pofika, kumene wachokera, chimene wakwera, ndi mmene anamunyamulira. Palibe anandituma. Ndinkangofuna kudziwa ngati zimene maso anga ankaona zinali zoona.

Patapita nthawi ananditumiza ku msonkhano wa anamwino ndi azamba ku Lilongwe. Kunena zoona, ndinapita m'malo mwa mnzanga amene anadwala. Kumeneko kunalankhula mayi wina wochita kafukufuku wochokera ku South Africa. Anafotokoza za kangaru, njira ija yonyamula mwana pachifuwa, imene inayambira ku Bogota m'dziko la Colombia mu 1978 chifukwa makina ofunditsira ana ankachepa. Anafotokozanso za kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021. Anachitikira m'maiko asanu: Ghana, India, Nigeria, Tanzania ndi kuno kwathu, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Anatenga ana olemera pakati pa kilogalamu imodzi ndi 1.8. Ena anawaika pa kangaru atangobadwa, ena anadikira kaye kuti akhazikike monga tinkachitira kale. Mwa ana 100 amene anadikira, pafupifupi 16 anamwalira mwezi usanathe. Mwa ana 100 amene anayamba msanga, anamwalira 12. Mu 2022 bungwe la WHO linasintha malangizo ake, nkunena kuti kangaru aziyamba mwana akangobadwa.

Ine funso linandiyabwa. Ana a m'kafukufukuyo anali m'zipatala zikuluzikulu. Nanga wathu wa pa njinga yamoto uja? Nthawi ya mafunso inakwana, akuluakulu anaimika manja, ine ndinachita manyazi ndi Chingerezi changa. Pa nthawi ya tiyi mayiyo anazunguliridwa ndi anthu, ine nkungoima patali ndi kapu m'manja. Chimene ndinachita ndi chimodzi chokha: ndinajambula ndi foni chithunzi chomaliza chimene anaonetsa, pamene panali adiresi yake ya imelo.

Masiku anayi ndinkalemba ndi kufufuta. Uthenga woyamba unali wautali, wodzaza ndi kuyamikira ndi madandaulo a kusowa kwa zipangizo, ndipo kumapeto ndinapempha kuti andithandize kupeza sukulu. Mlamu wanga, amene ndi mphunzitsi, atauwerenga anati, "Alamu, mauthenga otere munthu ameneyu amalandira tsiku ndi tsiku. Mwamuuza zimene mukufuna, koma simunamuuze chimene muli nacho." Ndinafufuta zonse. Umene ndinatumiza, m'Chingerezi, unkanena izi:

"Ndine namwino ndi mzamba wa ku mapiri a m'chigawo chapakati cha Malawi. Ndinamvera zimene munalankhula ku Lilongwe. Ana ang'onoang'ono amene timalandira amabadwira kutali ndipo amayenda ola limodzi kapena awiri m'nyengo yozizira. Kwa chaka chimodzi ndakhala ndikulemba kutentha kwa thupi lawo pofika ndi mmene anawanyamulira. Ndikuona ngati onyamulidwa pachifuwa amafika ofunda kuposa okulungidwa m'nsalu, koma sindikudziwa ngati ndayeza moyenera. Kodi mungandiuze mmene ndingatsimikizire zimenezi?"

Sindinapemphe ulendo, ntchito kapena ndalama. Milungu itatu inadutsa kuli zii, mpaka ndinaiwalako. Kenako yankho linabwera, mizere iwiri yokha: ndimutumizire zimene ndalemba, koma ndichotse maina a amayi, a ana ndi a midzi. Pamenepa ndikufuna mumvetse, amayi. Dzina la munthu aliyense wa inu silinatuluke m'dziko muno. Ndinakopera manambala okha, mwana aliyense nkumupatsa nambala m'malo mwa dzina, ndipo ndinayamba ndaonetsa akuluakulu anga kuntchito.

Titalankhulana pa foni, sanandiyamikire kwambiri ayi. Anandifunsa mafunso amene anandichititsa thukuta. Munayeza patatha mphindi zingati mwana atafika? Choyezera chinali chimodzi chomwecho? Munalemba nthawi imene ananyamuka? Apa mpamene kabuku kanga kanagwa. Masiku otanganidwa ndinkayeza mwana atakhala kale m'chipinda chofunda kwa theka la ola, ndiye nambala inkaoneka yabwino kuposa mmene anafikira. Zoyezera ndinkagwiritsa ntchito ziwiri, ndipo titaziika kukhwapa kwa munthu mmodzi zinasiyana pafupifupi theka la digiri. Kwa munthu wamkulu theka la digiri si kanthu, koma kwa khanda ndi malire a pakati pa wofunda ndi wozizira. Chinanso chimene sindinachiganizire: amene ankanyamulidwa pachifuwa kawirikawiri anali ana amphamvu kale, amene amayi awo sanaope kuwagwira, pomwe ofookawo ankakulungidwa. Ndiye mwina ankafika ofunda chifukwa cha mphamvu zawo, osati chifukwa cha kanyamulidwe. Masamba ambiri a kabuku kanga sakanagwira ntchito.

Ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma iye anati funso ndi labwino, choperewera ndi kayezedwe, ndipo kayezedwe kamaphunzirika. Gulu lake linali ndi malo a miyezi itatu a anamwino ochokera kumaiko ena ofuna kuphunzira kafukufuku, ndipo anati ndilembe kalata yofunsira ngati wina aliyense. Kuchokera pa uthenga uja kufika tsiku lokwera ndege panadutsa miyezi isanu ndi itatu. Panafunika kalata yondiitana, chilolezo cha tchuthi chophunzirira, munthu wogwira mashifiti anga, umboni woti ndinalembetsa ku khonsolo ya anamwino ndi azamba, ndiponso viza, chifukwa pasipoti yathu payokha imalola masiku 30 okha ku South Africa. Ana anga anatsala ndi amayi anga. Chimenechi ndicho chinandiwawa kuposa mapepala onse.

Ku Pretoria sindinkaloledwa kubaya jakisoni kapena kupereka mankhwala, popeza sindinalembetse ku khonsolo ya anamwino ya kumeneko. Ntchito yanga inali kuonerera, kulowetsa manambala mu kompyuta, ndi kulemba ndondomeko ya kafukufuku wanga. Ena angaione ngati ntchito yotopetsa, ndipo masiku ena inalidi yotopetsa. Koma ndinaphunzira kuyeza mwana aliyense pa nthawi yofanana, ndi choyezera chimodzi, ndi kulemba ngakhale nambala imene sikugwirizana ndi zimene ndikuyembekezera. Ndinaonanso kuti amayi a kumeneko amaopa mwana wamng'ono ngati mmene timaopera ife, ndipo agogo awo amalimbikiranso bulangeti.

Ndiye kodi ndabwera ndi yankho? Pa funso langa lenileni la ulendo wa m'mapiri athu, sindinafike. Ndondomeko ija iyenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoona za kafukufuku wa zaumoyo muno m'dziko, ya NHSRC, ndipo ikadzavomerezedwa tidzapempha mayi aliyense payekha. Wokana adzathandizidwa chimodzimodzi ngati wovomera. Koma zimene zikudziwika kale ndi zokwanira kuti muzichite lero.

Chabwino koposa ndi kukadikirira kuchipatala masiku akayandikira. Koma mwana akabadwira kunyumba kapena panjira, mupukuteni thupi lonse ndi mutu womwe nthawi yomweyo, ndipo nsalu yonyowayo muichotse, isatsale m'kati. Musamusambitse, kusamba kudikire tsiku lathunthu, ndipo kwa wochepa thupi kudikire mpaka anesi atanena. Muvekeni chipewa, thewera ndi masokosi basi. Mugonekeni choimirira pakati pa mabere, khungu lake likhudze khungu lanu, miyendo itapindika ngati ya chule, mutu utayang'ana kumbali ndi chibwano chitakwera pang'ono kuti apume bwino. Mangani chitenje cholimba, m'mphepete mwake mufike pansi pa khutu la mwana, kenako valani juzi kapena bulangeti pamwamba pa nonse awiri. Ngati mayi wafooka kapena akutaya magazi, bambo, agogo kapena azakhali amunyamule chimodzimodzi. Chifuwa cha bambo chimafunda ngati cha mayi. Ngati ambulansi ilipo, ndiyo yabwino kuposa njinga yamoto, koma ngakhale m'ambulansimo mwana akhale pachifuwa, ndipo muzisuzumira nkhope yake pafupipafupi.

Kunyumba mulibe choyezera, koma muli ndi kuseri kwa dzanja. Gwirani pamimba pa mwana, kenako kumapazi. Ngati zonse zili zofunda, ali bwino. Ngati mimba ndi yofunda koma mapazi ndi ozizira, wayamba kuzizidwa: muikeni pachifuwa, muyamwitseni, mugwirenso patapita kanthawi. Ngati mimba ndi mapazi zonse zazizira, kapena akukana bere, akulira mofooka, akungogona osadzuka, nyamukani naye ali pachifuwa pomwepo, ngakhale usiku, chifukwa kuzizira kotere nthawi zina ndi chizindikiro cha matenda a m'magazi. Musamuike pafupi ndi mbaula m'nyumba yotseka, utsi wa makala umapha mwakachetechete, ndipo botolo la madzi otentha limawotcha khungu lake lopyapyala.

Kabuku kakale kaja ndikadali nako m'kabati. Katsopano kali ndi malo olembapo nthawi yonyamukira ndi nthawi yofikira, ndiye mukadzabwera ndi khanda nkumva anesi akufunsa kuti munanyamuka nthawi yanji, musadzaganize kuti tikufuna kukukalipirani kuti mwachedwa. Yang'anani nthawi pa foni ponyamuka, mudzatiuze.