Chibwabwa cha ku Katete ndi kabuku ka asisi

Asisi athu ali ndi zaka 27, ndipo usiku kukakhala zii mutha kumva mtima wawo ukugogoda ngati wotchi ya pakhoma. Ndi vavu yachitsulo imene anawaika itawonongeka yawo yobadwa nayo, chifukwa cha zilonda zapakhosi za kuubwana zimene sizinachiritsidwe bwino. Chitsulo chikakhala mumtima magazi amafuna kuundana pamenepo, motero asisi azimwa wafarini moyo wawo wonse. Mankhwala atsopano aja osafuna kupimitsa magazi pafupipafupi saloledwa kwa munthu wa vavu yachitsulo. Ife ang'ono awo atatu ndife timaphika pakhomo pathu ku Chilenje, ndipo tinalakwitsa mwachikondi.

Atatuluka m'chipatala tinamva kwa aneba kuti womwa wafarini sadya masamba. Tinachotsa repu, bondwe, kalembula ndi chibwabwa, zonse. Asisi ankadya nsima ndi nyemba, mazira, kapenta, tomato ndi anyezi. Ife tikagula repu tinkadyera m'khitchini mobisa ngati tikuba.

M'mawu a aneba munali kachoonadi pang'ono. Chiwindi chimafuna vitamini K kuti chipange zinthu zoundanitsa magazi, ndipo wafarini amagwira ntchito potsekereza vitamini K ameneyu. Masamba obiriwira kwambiri ndiwo ali ndi vitamini K wambiri, ndipo kuphika sikumuthetsa. Ndiye munthu akadya masamba ambiri mankhwala amachepa mphamvu, akawasiya mphamvu imakwera. Chimene aneba sanatiuze n'chakuti mlingo wa mapiritsi amauyeza molingana ndi mbale ya munthuyo. Wodya repu tsiku lililonse amangopatsidwa mlingo wokwanira repu wakeyo. Choopsa ndi mbale yosinthasintha.

Zimenezi zimaoneka pa nambala yotchedwa INR, yonena kutalika kwa nthawi imene magazi akutenga kuti aundane. Munthu wosamwa mankhwalawa amakhala pafupi ndi 1. Ambiri omwa wafarini amafunika kukhala pakati pa 2 ndi 3, koma pachikuto cha kabuku ka asisi analemba 2.5 mpaka 3.5 chifukwa cha vavu yawo. Nambala ikatsika kwambiri, magazi atha kuundana pa vavu, kachidutswa n'kuthamangira ku ubongo, sitiroko. Ikakwera kwambiri munthu amatha kukha magazi m'mimba kapena m'mutu. Pa mamiligiramu 5 tsiku lililonse madzulo, asisi anali pa 2.8, ndipo tinkadzitama kuti kuletsa masamba kwathu kukugwira ntchito.

Mu Januwale anapita ku Katete kukaona ambuya, nakhalako masabata atatu. Amene munakhalapo kumudzi nthawi ya mvula mukudziwa ndiwo zake. Chibwabwa chotendera masana, bondwe madzulo, mawa lake chimodzimodzi. Ambuya atakuikira mbale patsogolo sungayambe kuwafotokozera za vitamini K, ndiponso asisi anali atakhala miyezi isanu akulakalaka masamba. Anabwerera atanenepa, akuseka, opanda powawa paliponse. Kukapimitsa, INR inali 1.7.

Apa mpamene tinaphunzira kuti thupi silikuchenjeza nambala ikatsika. Sumva chizungulire, sutentha thupi, ndipo kwa ena chizindikiro choyamba chimakhala sitiroko yeniyeniyo. Kuchipatala anawateteza m'masiku oyambawo, kenako anakweza mlingo pang'ono, poti wafarini sakwezedwa modumpha. Amawerengera sabata yathunthu: asisi ankamwa mamiligiramu 35 pa sabata, anawaika pa 40, kutanthauza piritsi limodzi ndi theka Lolemba ndi Lachisanu, masiku enawo limodzi. Anawafunsa ngati chilipo chasintha. Asisi anaganiza za mankhwala okha, nati palibe. Za chibwabwa sanatchule, mwina poopa kukalipiridwa.

Taonani tsono zimene tinachita. Mlingo unakwezedwa chifukwa cha mbale ya ku Katete, koma ife kunyumba tinawabwezera pa mbale ya ku Chilenje yopanda tsamba ngakhale limodzi. Atapimitsa patapita masiku ochepa nambala inali italowa m'malire ake, ndipo anauzidwa kubweranso sabata yotsatira. Sanapite. Ndalama ya basi inali yovuta mwezi umenewo, mzere wa kumeneko umadya tsiku lonse, ndipo tonse tinati munthu akuoneka bwino. Wafarini ndi wochedwa: ukasintha mlingo kapena zakudya lero, nambala imayamba kusuntha patapita masiku awiri kapena atatu, ndipo imapitiriza kusuntha kwa masiku angapo. Inali kukwera ife tili phee.

Kenako anatsegula m'mimba. Masiku atatu sanadye kwenikweni, zimene pazokha zimakweza INR chifukwa vitamini K sakulowa m'thupi. Mmodzi wa ife anathamangira kukasitolo ka mankhwala nagula fulajili, monga timachitira tonse m'komboni. Fulajili amachedwetsa chiwindi kuchotsa wafarini m'magazi, ndiye mankhwalawo amangounjikana. Pa tsiku lachisanu asisi anatiitana kubafa. Mswachi unali wofiira, nkhama zikukha osaleka, ndipo pantchafu panali mabala akuda awiri pamene sanagundidwe ndi chilichonse. INR inali 6.4.

Anawaimitsa mapiritsi masiku awiri, akuwapima tsiku ndi tsiku, osafuna kuigwetsa nambalayo mwamphamvu poopa vavu. Mayi wa kumalo opatsira mankhwala ndiye anatikhazika pansi tonse anayi. Anafunsa zimene asisi anadya kuyambira Khirisimasi, ndipo titafika pa nkhani ya kudyera repu m'khitchini anagwira pakamwa kuseka. “Bana banga, mpatseni repu mwanayu,” anatero. “Koma wa lero akhale ngati wa dzulo.” Anatiuzanso kuti wosadya masamba konse nambala yake imavuta kukhazikika, chifukwa m'thupi mukakhala vitamini K wochepa, mbale imodzi ya chibwabwa imasuntha zinthu kwambiri.

Lero asisi amadya masamba kamodzi pa tsiku, chipande chimodzi chomwechomwecho. Repu akadula pamsika timagula chibwabwa kapena kalembula. Sizifanana ndendende, koma kusiyana kwake n'kochepa poyerekeza ndi kuchoka pa ziro kupita pa mbale ziwiri. Mlingo unakhazikika pa mamiligiramu 37.5 pa sabata, ndipo amapimitsa masabata anayi aliwonse. Ndalama ya basi ya tsiku limenelo timaipatula pamodzi ndi ya magetsi. Akadwala osadya, akapita kumudzi, kapena akayamba mankhwala aliwonse atsopano, sitidikira tsiku la m'kabuku. Amene tinawalemba pachitseko cha firiji ndi fulajili ndi seputirini, amene amakweza nambala, mankhwala a TB, amene amaigwetsa kwambiri, ndi bulufeni ndi asipirini, amene amakhetsa magazi ngakhale nambala ili bwino. Ufa wa moringa umene azakhali anabweretsa tinaubweza mwaulemu, poti ndi masamba ouma ochuluka m'kasupuni kamodzi. Akaiwala piritsi mpaka kucha, samwa awiri. Amalemba m'kabuku n'kupitiriza. Ndipo tonse tikudziwa kuti chimbudzi chakuda ngati phula, mkodzo wofiira, mutu wowawa modzidzimutsa kapena pakamwa popotoka si za mawa, ndi za takisi usiku womwewo.

Mwezi watha ambuya anatumiza thumba la mfutso pa basi. Asisi analitsegula, nalinunkhiza nthawi yaitali, kenako anatenga chipande chawo chija n'kutifunsa kuti mfutso ukafufuma mumphika umakwana zipande zingati.