Kalata yodandaula za invoisi

Pamene ndinkayamba kugulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Limbe, invoisi ikalakwika sitinkalemba kalata. Tinkangopita ku ofesi ya akaunti ya kampani yomwe tapikulako katundu. Mupereka moni, mufunsa za kunyumba, kenako muyala pepala pa tebulo. Akalaliki ankatsegula buku lawo la makaboni, kudula nambala yolakwikayo ndi cholembera, kulemba yoyenera, kusainira pambali. Zonse zinkathera m'Chichewa.

Zimenezo zinatha. Kuyambira 2014, MRA itabweretsa makina a EFD, lisiti likatuluka ndiye kuti msonkho walembedwa kale, ndipo cholembera sichingafufute kanthu. Invoisi ikalakwika pamafunika kirediti noti, pepala lina lochotsera ndalama zoonjezera. Kuti ituluke, mulembe imelo m'Chingerezi kwa munthu amene sakudziwani nkhope, amene sadzakufunsani kuti mumatanthauza chiyani.

Nthawi ina tinalandira matumba 40 a simenti pa K20,000 lililonse, koma invoisi inati 45. Matumba asanuwo ndi K100,000, ndipo msonkho wa VAT, womwe nthawiyo unali 16.5 peresenti, unakwera nawo ndi K16,500. M'malo mwa K932,000 anatilembera K1,048,500. Mwana wa mchemwali wanga, yemwe amandithandiza pa shopu, analemba motere:

```
We receive 40 bags in 3 June.
Please reduce the amount to K116,500.
```

Masamu anakhoza, ndipo anakumbukira msonkho, womwe ambiri amauiwala n'kungodandaula za katundu yekha. Koma `to` uja akunena kuti ngongole yonse itsike ifike pa K116,500, ngati kuti matumba 40 tikufuna kuwatenga pa mtengo wa matumba asanu. Wa akaunti akaona zotero amaiika pambali imeloyo, kapena kuyankha mokalipa. `by` ndi amene amanena ndalama zochotsedwazo. Nayenso `receive` sakusonyeza kuti katunduyo anafika kale ndipo tinamuwerenga, pamene mlandu wonse wagona pomwepo. Tsiku limatenga `on`, mwezi ndi umene umatenga `in`.

"Malume, ndimayesa amva ndithu," anatero mnyamatayo. Ndinamuuza kuti akalaliki akale akanamva, chifukwa akanamuyang'ana kumaso n'kumufunsa. Tinakonza limodzi:

```
We received 40 bags on 3 June, but the invoice shows 45.
Please reduce the amount by K116,500, from K1,048,500 to K932,000.
```

Ndimakonda kulemba nambala zonse zitatu, yolakwika, yoyenera ndi kusiyana kwake, kuti ngakhale liwu limodzi litapotoka, masamu adzinenere okha. Pamutu pa imelo tinaika nambala ya invoisi, popeza ndiyo amafufuzira m'kompyuta, n'kuphatikizapo chithunzi cha pepala lomwe dalaivala wa kampani yotigulitsayo anasainira potsitsa simenti. Sitinalipire kanthu mpaka kirediti noti itafika, ndipo itafika ndinayamba kuona ngati K16,500 ya msonkho yachotsedwanso.